Machaja anayi pa thiransifoma ya 100 kVA: zokambirana pa gulu la amisiri ndi eni malo a ku Mangochi

Mayi Nankhoma: Moni nonse pa gulu. Ndikufuna nzeru. Ndimayang'anira loji ya zipinda 24 kuno kunyanja, mseu wopita ku Monkey Bay. Alendo obwera ndi galimoto zamagetsi ayamba kuoneka, makamaka a mabungwe ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo eni loji akufuna tiike machaja anayi pamalo oimika galimoto. Wogulitsa watipatsa koteshoni ya machaja a 22 kW. Thiransifoma ndi yathu yokha, ya 100 kVA. Mmisiri wina wati sizingatheke pokhapokha tisinthe thiransifoma ikhale ya 200 kVA, koma ndalama yake eni ake sangaipeze chaka chino. Kodi palibe njira ina?

Che Jafali: Mayi, musadandaule. Ine ndinabwerako kwanu mwezi watha kudzakonza pampu, ndinapanikiza kilampu mita pa bodi yaikulu, munali maampu 45 basi pa fezi iliyonse, ndiye kuti pa waya uliwonse mwa mawaya atatu obweretsa moto. Thiransifoma ya 100 imanyamula oposa 140. Malo alipo ambiri. Ikani awiri kaye, simuona vuto.

Bambo Mbewe: Che Jafali, munayeza nthawi yanji?

Che Jafali: Cha m'ma 10 koloko m'mawa, bambo.

Bambo Mbewe: Ndiye nthawi imene alendo ali kunyanja, zipinda zili zotseka, khitchini yapuma. Nambala ya thiransifoma mwainena bwino, iwerengedwa chonchi:

```
I = 100000 / (1.732 x 400) = 144 A
```

Kutanthauza kuti fezi iliyonse mwa atatuwo imaloledwa 144 A. Chaja ya 22 kW imakoka 32 A pa fezi iliyonse. Zinayi pamodzi ndi 128 A. Ndiye galimoto zinayi zokha zatsala pang'ono kudzaza thiransifoma, loji isanayatse ngakhale babu limodzi. Komanso galimoto siili ngati ketulo kapena ayironi yoti imayaka n'kuzima. Ikayamba kukoka imakoka mosalekeza kwa maola asanu, asanu ndi limodzi. N'chifukwa chake powerengera machaja sitinena kuti mwina sadzayaka onse nthawi imodzi. Timawawerengera onse athunthu, kupatula ngati pali chida chowaletsa.

Mmisiri uja wanena zoona ngati machajawo asiyidwa azikoka mmene afunira. Koma funso langa kwa inu Mayi ndi lina: loji yanu imakoka zingati pa ola lililonse la tsiku, pa fezi iliyonse payokha, loji itadzaza? Popanda yankho limeneli tonse tikungopeka.

Mayi Nankhoma: Ndili ndi mabilu a miyezi yonse, Bambo Mbewe. Mayunitsi a mwezi sangakuthandizeni?

Bambo Mbewe: Mayunitsi a mwezi amabisa chimene tikufuna, mayi. Amasakaniza usiku ndi masana, tsiku lodzaza ndi tsiku lopanda mlendo. Thiransifoma siipsa ndi avereji ya mwezi, imapsa ndi maola atatu a madzulo amodzi. Mufunika loga, kamakina kamene amakapanikiza pa mawaya atatu aakulu n'kukasiya sabata yathunthu kakulemba maampu mphindi 10 kapena 15 zilizonse. Mwayi wanu ndi woti tili mu Okutobala, kwatentha, maeyakoni onse akulira, ndipo pa 15 ndi Tsiku la Anakubala, kunyanja kumadzaza. Sabata yabwino kuyeza kuposa imeneyi simuipeza. Loga ndili nayo, Che Jafali angathe kudzaiika.

Madalitso: Abwana, inenso ndili momwemo. Ndikufuna kugula njinga yamoto yamagetsi ya kabaza. Ndiye mukutanthauza kuti ndikamatchajira kunyumba nditentha thiransifoma ya mudzi?

Che Jafali: Ayi Mada, iweyo nkhani yako ndi yaing'ono. Werenga pa chaja ya njingayo uone mawati ake, zambiri sizifika pa ketulo. Bola soketi ikhale yolimba, osati ekisitenshoni ya pamsika.

Limbani: Koma akuluakulu, tikuvutikiranji? Mangochi dzuwa ndi losayamba. Mayi aike sola padenga, galimoto zizitchaja ndi dzuwa, thiransifoma isakhudzidwe. Ndingakupangireni koteshoni lero lomwe.

Mayi Nankhoma: A Limbani, alendo anga amafika cha m'ma 5 kapena 6 madzulo, ambiri amanyamuka m'mawa akangodya kadzutsa. Dzuwa likamawala galimoto zili pamseu.

Limbani: Ndiye tiwonjezere mabatire.

Bambo Mbewe: Tiyeni tione kukula kwake. Kuchoka ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi Liwonde kufika kuno ndi makilomita pafupifupi 190. Galimoto yamagetsi yapakati imadya mayunitsi 17 kapena 18 pa makilomita 100 eyakoni ili yoyaka, ndiye ulendowu ndi mayunitsi 35, tikaphatikiza otayika potchaja tinene 38. Galimoto zinayi ndi oposa 150. Batire losunga mayunitsi 150 mtengo wake suchepa poyerekeza ndi thiransifoma imene Mayi akuithawayo. Sola ndi yabwino kwa alendo a misonkhano amene galimoto zawo zimaima tsiku lonse, apo Limbani ndikugwirizana nawe. Koma vuto la madzulo siithetsa. Tidikire manambala.

*(patapita masiku angapo)*

Che Jafali: Loga ndaichotsa. Bambo Mbewe atsitsa manambala, nawa a tsiku limene loji inadzaza kwambiri. Aliwonse ndi apamwamba kwambiri pa nthawi imeneyo:

```
Nthawi         L1    L2    L3
05:00-08:00   101    88    80
10:00-16:00    52    47    44
18:00-21:30   118    96    84
23:00-05:00    68    61    57
```

Madzulo L1 inafika 118. Ndipo ndinakhudza thanki ya thiransifoma cha m'ma 9 usiku, dzanja silinakhalitsepo.

Mayi Nankhoma: Ndiye zikutanthauza kuti malo palibe?

Bambo Mbewe: Malo alipo, mayi, koma ali usiku, ndipo sali ofanana pa mafezi atatuwo. Tiyambe ndi mzere wa madzulo. Wina akhoza kuphatikiza 118, 96 ndi 84, n'kugawa patatu, n'kupeza 99, n'kunena kuti tatsala ndi 45. Kumeneko n'kulakwa. Mkati mwa thiransifoma fezi iliyonse ili ndi koyilo yake, ndipo imene yalemedwa ndi imene imatentha. Malire amaikidwa ndi L1, imene yatsala ndi 26 A yokha kuti ifike pa 144. Galimoto imodzi ya 32 A pa L1 nthawi ya chakudya chamadzulo, mwadutsa kale.

Tsono taonani mzere wa usiku. Kuyambira 11 koloko mpaka 5 m'mawa fezi yolemedwa kwambiri ili pa 68. Tikadziikira malire athu pa 125 A, kusiya mpata pansi pa 144, pali 57 A pa L1, 64 pa L2, 68 pa L3. Pamodzi ndi pafupifupi 43 kW. Kwa maola 6 amenewo ndi mayunitsi oposa 250, pamene galimoto zinayi zikufuna 150. Mphamvu yokwanira ilipo m'thiransifoma yomweyi. Chosowa ndi chida choti chizigawa mphamvuyo pa nthawi yake.

Che Jafali: Ndiye yankho ndi tayima basi. Machaja azizima 5 madzulo, aziyaka 11 usiku, azizimanso 5 m'mawa. Tayima ndi kontakita ndi zotchipa, ndili nazo m'shopu.

Bambo Mbewe: Tayima ingathandize pa chaja imodzi, sindikukana. Pa zinayi ili ndi mavuto. Tayima siidziwa kuti lero kuli ukwati ndipo khitchini ikuphika mpaka 1 koloko usiku. Ikakwana 11 imayatsa zonse zinayi limodzi, ndipo zikakhala galimoto za mafezi atatu zokoka 32 A, ndiye 128 kuwonjezera pa 68, kufika 196 A. Komanso tsiku limene loji ili ndi alendo atatu okha, tayima ikanizabe mlendo kutchaja 6 koloko popanda chifukwa.

Chimene chikufunika ndi kontirola imene imayeza nthawi zonse. Pa mawaya atatu olowa mu bodi yaikulu pamaikidwa ma CT atatu, tizitsulo tozungulira waya timene timawerenga maampu osadula waya. Ma CT amapita ku mita, mita imalankhula ndi kontirola kudzera pa waya wa RS485 kapena wa netiweki, ndipo kontirola imachita samu imodzi yokha mobwerezabwereza: malire, kuchotsa zimene loji ikukoka pakali pano, zotsala n'kuzigawira galimoto. Khitchini ikayatsa uvuni, maampu a galimoto amatsika. Uvuni ukazima, amakwera. Mlendo saona kanthu, amangolumikiza n'kupita kukadya chambo chake.

Mayi Nankhoma: Chaja imachepetsa bwanji moto? Siiononga batire la mwini wake?

Bambo Mbewe: Siiononga, mayi. Bokosi la pakhomalo silikankha moto m'galimoto. Chotchajira chenicheni chili m'galimoto momwemo. Bokosi limangotumiza chizindikiro pa kawaya kakang'ono m'kebulo, kuuza galimoto kuti usapitirire maampu akutiakuti, ndipo galimoto imamvera m'masekondi ochepa. Zimenezi zili m'muyezo wa IEC 61851 umene galimoto zonse zotchajidwa motere zimatsata. Kutchaja pang'onopang'ono batire limakukonda kuposa kothamanga.

Koma pali malire amodzi ofunika kuwadziwa. Chizindikirocho sichitsika kuposa 6 A. Pansi pa 6 palibe 4 kapena 2, pali kuimitsa basi. Ndiye ngati pa L1 patsala 7 A monga mmene zilili madzulo pano, 125 kuchotsa 118, galimoto imodzi yokha ndi imene ingakokepo, zinazo zidikire. Ndipo galimoto zina zikaimitsidwa nthawi yaitali zimagona, moto ukabwerera sizidzuka mpaka mwini wake atatsegula chitseko kapena kuzula ndi kulumikizanso. Mlendo amadzuka m'mawa n'kupeza batire lili pomwe analisiya. Ndiye ndi bwino kukonza kuti aliyense azipeza 6 A yake ngakhale nthawi yothina, kusiyana ndi kumaimitsa.

Che Jafali: Apa ndiye ndili ndi ganizo. Pa L1 pali magiza ambiri. Giza imodzi ya 3 kW ndi 13 A. Ndikasamutsa imodzi yokha kuchoka pa L1 kupita pa L3, madzulo tikhala ndi 105, 96 ndi 97. Ndi ntchito ya ola limodzi pa bodi.

Bambo Mbewe: Limeneli ndi ganizo labwino kwambiri pa zonse tanena, ndipo silifuna kugula kanthu. Mpata wa pa L1 ukuchoka pa 7 kufika pa 20. Ingosankhani giza imene loga yasonyeza kuti imayaka madzulo, mukatha muyezenso. Chitani zimenezi ngakhale machaja asabwere, thiransifomayo ipumako.

A Gondwe: Ndilowererepo monga mwini galimoto. Ine ndili ndi Nissan Leaf yochokera ku Japan, ndimabwera nayo kunyanja kuchokera ku Zomba. Machaja anu a 22 kW kwa ine ndi dzina chabe. Yanga imakoka fezi imodzi, ndipo siifika ngakhale 4 kW. Zina zatsopano zimafika 6 kapena 7 kW, komabe pa fezi imodzi. Komanso pulagi yanga ndi Type 1, pamene machaja ambiri akubwera ndi Type 2. Chonde gulani okhala ndi soketi kuti munthu alumikize kebulo yake, osati okhala ndi kebulo yomatirira. Ndipo musalole aliyense kutchajira pa soketi ya m'chipinda. Kebulo imene inabwera ndi galimoto yanga imakoka 15 A, soketi zathu ndi za 13 A. Pa loji ina ndinaona soketi itasungunuka mpaka pulasitiki kuda bii, mwamwayi mlonda anamva fungo.

Bambo Mbewe: A Gondwe mwatsegula nkhani imene amisiri ambiri amaiphonya. Galimoto ya fezi imodzi ikalumikizidwa pa chaja ya mafezi atatu, imakoka pa phini yoyamba yokha. Mmisiri akalumikiza machaja onse anayi mofanana, L1 pa phini yoyamba paliponse, ndiye galimoto zinayi ngati za a Gondwe zonse zikwera pa L1, fezi imene ndi yolemedwa kale. Kontirola igwira ntchito yake, iteteza thiransifoma, koma taonani zotsatira: usiku 57 A kugawa panayi ndi 14 A aliyense, pafupifupi 3.3 kW. Maola 6 ndi mayunitsi 20. Mlendo wobwerera ku Blantyre amafuna 38. Nthawi yonseyi L2 ndi L3 zili ndi malo osagwiritsidwa ntchito.

Mankhwala ake ndi kuzunguliza mafezi polumikiza:

```
Chaja 1:  L1 L2 L3
Chaja 2:  L2 L3 L1
Chaja 3:  L3 L1 L2
Chaja 4:  L3 L1 L2
```

Yachinayi ndaiika kuyambira pa L3 chifukwa usiku L3 ndi imene ili yopepuka. Tsopano galimoto imodzi ili pa L1, ina pa L2, ziwiri pa L3 pamene pali 68 A, zokwana 32 kawiri. Aliyense amene galimoto yake ingathe akupeza 7.4 kW, ndipo mayunitsi 38 aja akwana m'maola asanu ndi pang'ono. Zida zomwezo, thiransifoma yomweyo. Ngati giza yosamutsidwa ija iyaka usiku, ziwiri za pa L3 zitsikako kwa kanthawi, basi.

Koma chenjezo: kontirola iyenera kuuzidwa m'masetingi mmene mwazungulizira. Ikapanda kuuzidwa, iganiza kuti Chaja 2 ili pa L1 pamene ili pa L2. Ndiye L2 ikamadzaza, iyo izichepetsa chaja yolakwika, yoyenera kuchepetsedwayo ikukokabe.

Che Jafali: Nanga tingadziwe bwanji kuti zasokonekera, poti mawaya a pa bodi yakale ija mitundu yake ndi yosakanikirana?

Bambo Mbewe: Musakhulupirire mtundu wa waya, yesani. Tsiku lopereka ntchito, pemphani munthu wa galimoto ya fezi imodzi, mwina a Gondwe omwewa. Lumikizani pa Chaja 1 muone pa sikirini kuti ndi fezi iti yakwera, mutsimikize ndi kilampu mita yanu pa waya weniweniwo. Chimodzimodzi pa 2, 3 ndi 4. Kenako galimoto ili pa chaja, tsitsani malire mwadala kufika pafupi ndi zimene loji ikukoka, muyatse giza kapena uvuni wa pa fezi yomweyo. Maampu a galimoto atsike mukuona. Akapanda kutsika, kapena akakwera, pali CT imene yaikidwa pa waya wolakwika kapena yatembenuzidwa. CT ili ndi kamuvi kapena zilembo P1 ndi P2 zosonyeza mbali yochokera moto. Ikatembenuka, mita imasonyeza mawati a mainasi, ngati kuti loji ikubweza magetsi. Onaninso kuti reshiyo ya CT, monga 200/5, ndi imene yalembedwa mu mita. Ikalakwika manambala onse amakhala abodza koma ooneka aulemu.

Abiti Saidi: Pepani akuluakulu, ndibweretse yanga. Ine ndili ndi nyumba za lendi ku boma, ndipo wolowa nyumba wina wagula galimoto yamagetsi. Thiransifoma si yathu tokha, tikugawana ndi anthu ambiri, kuphatikizapo chigayo chapafupi. Chigayo chikangoliza, mababu amachita mdima. Ndikagula kontirola mukunenayi, ndiye kuti ndatetezeka?

Bambo Mbewe: Abiti, yanu ndi yosiyana. Ma CT a pa bodi yanu amaona nyumba yanu yokha, chigayo ndi anansi sawaona. Kontirola iteteza bureka ndi waya wolowa kwa inu, koma singadziwe ngati thiransifoma ya onse yadzaza. Amene angadziwe ndi a ESCOM, chifukwa thiransifomayo ndi yawo. Pitani ku ofesi yawo mukanene kuti mukufuna kuwonjezera lodi. Podikira, ngati nyumbayo ili pa fezi imodzi, chaja iikidwe pa 10 kapena 16 A, izigwira usiku chigayo chitatseka. 16 A kwa maola 8 ndi mayunitsi pafupifupi 29, okwana kuyenda m'tauni muno sabata yathunthu.

Abiti Saidi: Nanga anansi enanso atatu akagula zawo, aliyense n'kuika 16 A yake usiku womwewo?

Bambo Mbewe: Apo ndiye kontirola ya nyumba imodzi ilibe chochita, Abiti. Yankho lake lili kwa mwini thiransifoma, ndipo n'chifukwa chake aliyense ayenera kumawadziwitsa.

Limbani: Mayi Nankhoma, paja muli ndi jenereta. Magetsi akazima zimakhala bwanji?

Mayi Nankhoma: Ilipo ya 60 kVA, imayaka yokha. Imanyamula zipinda, khitchini ndi pampu, magiza timazimitsa.

Bambo Mbewe: Limbani wafunsa funso lopulumutsa jenereta. 60 kVA ndi 87 A pa fezi. Tsono ganizirani ma CT aikidwa kumbali ya thiransifoma, tisanafike pa chenjiova, suwichi imene imasintha loji kuchoka pa thiransifoma kupita pa jenereta. Magetsi akazima, jenereta n'kuyaka, ma CT aja akuwerenga ziro chifukwa pa waya wawo sipakudutsa kanthu. Kontirola iona ngati loji yonse yagona, 125 A yonse ndi ya galimoto, n'kutsegulira machaja onse mpaka pamwamba, pa jenereta imene yalemedwa kale. Jenereta izima, loji yonse mumdima. Njira ndi ziwiri. Yosavuta ndi kudyetsa bodi ya machaja kuchokera kumbali ya thiransifoma, kuti magetsi akazima nawonso azime. Inayo ndi kuika ma CT kuseri kwa chenjiova n'kutenga chizindikiro kuchokera pa chenjiova kupita ku kontirola, kuti jenereta ikayaka malire atsike kapena machaja aime. Ine ndingasankhe yoyamba. Kutchaja galimoto yamagetsi ndi dizilo n'kutaya ndalama. Mukatero onetsetsani kuti ma CT ali pamwamba pa pamene machaja alumikizidwa, kuti aziona loji ndi galimoto pamodzi.

Ndiponso magetsi akabwerera, magiza amene azizira, mafiriji ndi maeyakoni zimadzuka zonse limodzi. Machaja achedwe mphindi zingapo, ayambe imodzi imodzi.

Mayi Nankhoma: Koma magetsi akazima usiku wonse, mlendo wanga anyamuka bwanji?

A Gondwe: Kwa ine ngakhale chaja imodzi ya 10 A pa jenereta ingandipulumutse. Ndingalipire mtengo wa dizilo.

Che Jafali: Imodzi yokha pa jenereta n'zotheka, ndi suwichi ya kiyi imene amasunga a manejala.

Bambo Mbewe: N'zotheka, koma tiyeze kaye jenereta imakoka zingati usiku, poti loga sinagwire nthawi ya jenereta. Chinanso, Mayi, funsani wogulitsa mafunso awa. Waya wa pakati pa mita ndi kontirola ukaduka, makoswe akaudya, machaja amachita chiyani? Ayenera kutsika okha kufika pa 6 A, osati kupitiriza pa 32. Ngakhale zinayi zonse zitakhala za mafezi atatu, 24 kuwonjezera pa 105 ndi 129, pansi pa 144. Kachiwiri, kugawa motoku kukuchitikira pamalo pomwepo kapena pa seva ya kunja kudzera pa intaneti? Machaja ambiri amalankhula ndi seva m'chinenero chotchedwa OCPP, zimene ndi zabwino powerengera ndalama, koma chitetezo cha thiransifoma chisadalire netiweki. Kachitatu, kodi imagawa fezi ndi fezi, kapena imangoyang'ana ma kW onse pamodzi? Yongoyang'ana onse pamodzi ndi yosathandiza pa loji yanu. Ndipo chaja iliyonse ikhale ndi bureka yake ndi RCD, chida chodula magetsi moto ukamathawira pansi, ya Type B, kapena ya Type A ngati chajayo ili ndi chodziwira 6 mA DC mkati mwake. Ntchito igwiridwe ndi mmisiri wa chiphaso cha MERA, ndipo a ESCOM adziwitsidwe.

Che Jafali: Pa malire pokha sindikugwirizana nanu, bambo. 125 yachuluka. Ife tinaphunzira kuti thiransifoma isapitirire 80 peresenti, kumene ndi 115 A. Ndipo bureka yaikulu ya pa lojipo ndi ya 160 A, ndiye pakati pa 144 ndi 160 siithothoka, thiransifoma izingophikika chete. Kutentha kwa kuno mukukudziwa.

Bambo Mbewe: Za bureka mwanena zoona, ndipo Mayi amve bwino: bureka kusathothoka si umboni woti zili bwino. Za kutenthanso muli ndi mfundo. Mathiransifoma a mafuta amapangidwa poganiza kuti avereji ya chaka ndi madigiri 20, ya mwezi wotentha kwambiri 30, ndipo tsiku lotentha silipitirira 40. Mangochi avereji ya chaka imaposa 20. Pepala lokutira koyilo limakalamba kawiri mofulumira malo otentha kwambiri mkatimo akakwera ndi madigiri 6 pamwamba pa muyezo. Kuwonjezera apo, pano thiransifoma ya Mayi imapuma usiku n'kuzizira. Tikadzaza usiku ndi galimoto, mpumulowo wachepa. Komabe 125 ndi 87 peresenti, ndipo galimoto zikukoka kwambiri nthawi imene kunja kwazizirako. Ine sindiiona ngati yoopsa.

Che Jafali: Nanga tikaika 115 tikutaya chiyani? Usiku pa L3 patsala 58, galimoto ziwiri 29 A iliyonse m'malo mwa 32. Mlendo sangazindikire.

Bambo Mbewe: Usiku simutaya zambiri, n'zoona. Madzulo ndi pamene pathina: pa L1 patsala 10 A, ndiye galimoto za mafezi atatu zikakhala ziwiri, imodzi iima, ndipo tabwerera ku vuto la galimoto zogona lija. Ine ndingayambe ndi 115 nyengo yotentha ino, tione kutentha kwa thanki ndi kuchuluka kwa mafuta pa galasi lake, mvula ikayamba tikweze. Mukaona mafuta akudontha pa mabushing'i, utoto wa pamwamba pa thanki ukusintha, kapena mababu a fezi imodzi akufooka madzulo, tsitsani msanga muitane oyang'anira thiransifoma.

Che Jafali: Ine ndingasiye pa 115 chaka chonse. Koma tikambirana tikaona manambala atsopano.

Mayi Nankhoma: Ndamva. Ndiye 22 kW ija ndiisiye?

Bambo Mbewe: Zida za 22 kW mungagule ngati mtengo sukusiyana kwambiri ndi za 11, chifukwa ndi zimene zimapatsa galimoto ya fezi imodzi 32 A yonse, pamene ya 11 kW imaipatsa 16 A yokha. Kontirola ndi imene izizigwira. Koma pa chikwangwani musalembe 22 kW. Lembani kuti galimoto yolumikizidwa madzulo ikhala itadzaza pofika m'mawa, ndilo lonjezo limene thiransifoma yanu ingasunge.

A Gondwe: Nanga mlendo wodutsa, wongoima kudya nkhomaliro akupita ku Cape Maclear? Masana pali malo oposa 60 A pa fezi iliyonse. Ameneyo apatsidwe zonse.

Mayi Nankhoma: Masana palibe vuto. Chondivuta ndi madzulo. Wina wafika 7 koloko batire lili pafupi kutha ndipo akufuna kupitirira usiku womwewo, pamene atatu ogona alumikiza kale. Kontirola igawa mofanana, kapena ndingaiuze kuti uyu atsogole?

Bambo Mbewe: Zina zimalola kusankha chaja yotsogola, zina zimangogawa mofanana. Liwonjezeni pa mafunso a wogulitsa. Ngati ilola, sankhani chaja imene yayambira pa fezi yopepuka madzulo, zimene tidziwa Che Jafali akasamutsa giza.

Che Jafali: Ndibwera Lachiwiri m'mawa alendo akatuluka, tizimitse bodi kwa ola limodzi. Bambo Mbewe, loga ndiibwezeretsepo sabata inanso, ndipo ulendo uno ndiiika kuseri kwa chenjiova kuti igwire ndi jenereta yomwe.